Saluni ya M'chikwama: Kabuku ka Oluka Tsitsi ndi Okonza Zikhadabo Oyendera Makasitomala Kunyumba

Pali amayi ndi atsikana ambiri aluso lakuluka amene alibe ndalama yolipirira shopu. Renti imafunika mwezi ndi mwezi, kaya mwagwira ntchito kaya ayi, ndipo pamwamba pake pali magetsi, madzi, mipando ndi dulaya. N'chifukwa chake ena amasankha kulongedza zipangizo m'chikwama n'kumutsatira kasitomala kwawo. Makasitomala otere alipo ndithu: mayi amene wangochira kumene ndipo sangachoke pakhomo ndi khanda, agogo ovutika miyendo, mkwatibwi ndi operekeza ake m'mawa wa ukwati, mayi wapantchito amene mpata amaupeza Lamlungu lokha.

Ambiri amalowa ntchitoyi akuganiza kuti athawa renti. Renti sanaithawe, yangosintha nkhope. Wapashopu amalipira mwini nyumba kamodzi pamwezi, pomwe inu mudzalipira kondakitala ndi wakabaza tsiku ndi tsiku, pang'onopang'ono, mwakuti simuona kumene ndalama yalowera. Komanso wapashopu amagwirira ntchito pagulu, anthu akudutsa panja, pomwe inu mudzalowa nokha m'mpanda wa munthu amene simukumudziwa, geti n'kutsekedwa kumbuyo kwanu. Kabuku kano kakukamba zinthu ziwirizi: kuwerengera msewu kuti usakudyereni phindu, ndi kupita n'kubwerako bwino. Zitsanzo tazitenga mumzinda wa Blantyre, koma wa ku Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu angoikapo mayina a madera akwawo.

Sankhani ntchito yolowa m'chikwama chimodzi

Musayambe ndi chilichonse chimene saluni imachita. Yambani ndi ntchito zosalira magetsi ambiri kapena madzi ambiri: kuluka ndi meshi, mizere, kumasula, kusokerera wivu, kukonza wigi, zikhadabo ndi mekapu. Kuika rilakisa ndi ntchito zofuna dulaya wamkulu zisiyeni kaye. Rilakisa amafuna madzi ochuluka otsukuluzira msangamsanga nthawi ikakwana, ndipo m'nyumba zambiri madzi ndi ogula pakiyosiki, a m'ndowa imodzi yomwe akuphikiranso. Madzi akakutherani mankhwala ali kumutu, khungu la kasitomala lipsa, ndipo dzina lanu lipsera pomwepo. Magetsi nawo amatha kuzima ntchito ili pakati. Ngati mumaumitsa zikhadabo za jelo, gulani nyali yotchaja, ndipo muitchaje usiku musananyamuke.

Katundu yense akwane m'chikwama chimodzi chakumbuyo, kuti manja onse awiri akhale omasuka pokwera njinga. Wonyamula zikwama zitatu amalipiritsidwa mpando wachiwiri m'minibasi, ndipo ndi amene akuba amayamba kumuona padepoti. M'chikwamamo muli zipeso, sizasi, zopanira tsitsi, singano ndi ulusi, jelo, matawulo awiri oyera, chitenje choyala pansi kuti zinyenyeswa za meshi zisamwazike m'nyumba ya eni, kagalasi, ndi jumbo yotayiramo zinyalala. Mankhwala ochotsera kyutekisi amayaka msanga, choncho botolo lake litsekedwe zolimba, likulungidwe m'jumbo yakeyake, ndipo lisatsegulidwe pafupi ndi mbaula kapena kandulo.

Meshi ndi bwino kasitomala agule yekha, inu mutamuuza mtundu, nambala ya kaonekedwe kake ndi kuchuluka kwa mapaketi. Mukagula ndinu, ndalama yanu ya mpamba imagona m'katundu amene mwina iye akana kuti si mtundu umene amafuna.

Tiyeni tiwerengere ulendo umodzi

Apa ndi pamene tikhalitsepo, chifukwa ndi pamene ambiri amagwera. Mitengo ili m'munsimu ndi yachitsanzo chabe. Inu muikepo ya lero ya kwanuko, koma kawerengedwe kake musakasinthe.

Tiyerekeze kuti mumakhala ku Ndirande, ndipo mayi wina wa ku Bangwe akufuna kuluka meshi yaitali, ntchito ya maola 6. Akanabwera pakhonde panu mukanamutchaja K30,000. Jelo, mafuta ndi zina zimene zimatha pamutu umodzi ndi za K3,000. Zotsala ndi K27,000, ndipo tikagawa ndi maola 6 tipeza kuti ola lanu limodzi limakupatsani K4,500. Nambala imeneyi muidziwe ngati dzina lanu, chifukwa ndiyo muyezo wa chilichonse chotsatira.

Tsopano inu ndi amene mukupita. Minibasi ya ku Limbe ndi K1,500. Ku Limbe mukwera ina ya ku Bangwe, K1,500. Nyumbayo ili patali ndi siteji, kumtunda, ndiye wakabaza atenga K2,000. Kupita kokha ndi K5,000, kupita ndi kubwera K10,000. Nthawi nayo yapita: kudikira kuti minibasi idzaze, kuima pasiteji iliyonse, kusinthira ku Limbe, zonse pamodzi ola limodzi ndi theka, ndipo pobwerera chimodzimodzi. Ntchito ya maola 6 yasanduka ya maola 9.

Mukatchaja K30,000 yomwe ija poopa kuti kasitomala athawa, mutsala ndi K17,000 mutachotsa zipangizo ndi thiransipoti. Gawani ndi maola 9: ola lanu latsika kufika pafupifupi pa K1,900, osakwana ngakhale theka la zimene mumapeza muli pakhomo panu, mukuyang'anira ana ndi mphika. Madzulo mubwera ndi ndalama m'manja, mudzaona ngati mwapata, koma pakutha pa mwezi mudzadabwa kuti jelo watha ndipo yogulira wina palibe. Chizindikiro choti msewu ukukudyani n'chimenecho: ntchito ikuchuluka, thupi likutopa, koma mpamba sukukula.

Mtengo woyenera uli ndi magawo atatu. Loyamba ndi ntchito, K30,000. Lachiwiri ndi thiransipoti yonse, kupita ndi kubwera, K10,000. Lachitatu ndi limene ambiri amaliiwala, nthawi yapamsewu. Maola atatu aja simunaluke, komanso simunakhale kwanu. Ine ndimalangiza kuwatchaja theka la mtengo wa ola lanu, kutanthauza K2,250 pa ola, pamodzi K6,750, tingoti K7,000. Ndiye mtengo wonse ukhala K47,000. Mukachotsa zipangizo ndi thiransipoti mutsala ndi K34,000, pafupifupi K3,800 pa ola. Mwayandikira muyezo wanu.

Kasitomala wina akamva K47,000 adzati, "Koma achemwali, kusaluni ndimalipira K30,000." Musakwiye, komanso musatsitse. Muuzeni mwaulemu kuti, "N'zoona amayi, ntchitoyo ndi K30,000. Yotsalayo ndi yoti ndifike pakhomo panu n'kubwerera, inu osachoka panyumba." Mukamatchula mtengo muziupatula choncho nthawi zonse, ya ntchito payokha, ya ulendo payokha. Munthu akaona magawo amamvetsa, chifukwa naye amakwera minibasi zomwezo. Akakanabe, muitanireni pakhonde panu pamtengo wakale. Simunamutaye, mwangokana kumulipirira ulendo.

Kupatula mtengowu kumathandizanso zinthu zikasintha. Mu Novembala 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti, mitengo ya mafuta ndi ya minibasi n'kukwera pasanapite nthawi. Mafuta akasowa pamafilingi, makondakitala ndi akabaza amakweza tsiku lomwelo, ndipo madzulo kapena mvula ikagwa mtengo umakhala wina. Amene adalemba mtengo umodzi wophatikiza amavutika kuukweza, chifukwa makasitomala amaona ngati wakweza luso. Amene adapatula amangonena kuti ya ulendo yasintha, ndipo palibe angatsutse. Pa chifukwa chomwechi, powerengera muzigwiritsa ntchito mtengo wamadzulo, osati wam'mawa.

Gawani mzinda, gawani masiku

Kuwerengera ulendo uliwonse pafoni, kasitomala akudikira yankho, kumasokoneza. Khalani pansi tsiku limodzi ndi kope, mugawe madera m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi kumene mumafika wapansi kapena pa kabaza mmodzi. Lachiwiri ndi kumene mumafika pa minibasi imodzi. Lachitatu ndi kofuna minibasi ziwiri. Gulu lililonse likhale ndi mtengo wake wa ulendo, ndipo muziuonanso mwezi ndi mwezi. Kupitirira gulu lachitatu musapite pokhapokha ntchito ili yaikulu, monga ya ukwati kapena chinkhoswe, ndipo eni ake atumiza galimoto kapena alipira takisi.

Kenaka gawani masiku motsata misewu. Kwa munthu wa ku Ndirande, Bangwe ndi Namiyango zili mbali imodzi, podzera ku Limbe. Zingwangwa ndi Chilobwe zili mbali ina. Mbayani ndi Chirimba zili kwinanso. Kulola kasitomala wa ku Bangwe m'mawa ndi wa ku Chirimba masana n'kugwirira ntchito eni minibasi. M'malo mwake nenani kuti, "Mbali ya kwanuko ndimabwera Lachitatu."

Tibwerere ku Bangwe kuja kuti muone phindu lake. Mwamupempha kasitomala wanu kuti afunse anzake oyandikana nawo, ndipo wapezeka wina wofuna zikhadabo: K12,000, ola limodzi ndi theka, zipangizo za K2,000. Ya ulendo ija, K17,000, agawana awiriwo, choncho aliyense wapepukidwa. Inu mwalandira K59,000 yonse pamodzi. Chotsani K5,000 ya zipangizo ndi K10,000 ya thiransipoti, mutsala ndi K44,000 pa maola 10 ndi theka, pafupifupi K4,200 pa ola. Ulendo ndi umodzi womwewo, koma ola lanu lakwera. Mukanyamuka 6:30 m'mawa mufika 8 koloko, mumaliza kuluka 2 koloko, zikhadabo 3:30, ndipo 5 koloko muli kwanu kusanade. Mutu wachiwiri wa maola 6 sukanakwana tsiku limenelo, ngakhale ndalama yake ikukopa chotani.

Depoziti isanalowe, musavale nsapato

Nditangoyamba ntchito imeneyi ndidapita kwa mayi wina kutali, minibasi ziwiri ndi kabaza, titagwirizana pafoni dzulo lake. Ndidapeza chitseko chokhoma, foni yake yozima. Ndidakhala pamwala panja pa geti maola awiri, n'kubwerera ndi ndalama imene ndidasungira ndiwo. Sanandinamize dala, kudagwa maliro, ndipo sadakumbuke zondiuza. Koma msewu sudandibwezere kanthu.

Kuyambira pamenepo lamulo langa ndi ili: kasitomala atumize depoziti pa Airtel Money kapena TNM Mpamba tsiku lisanafike, ndipo depozitiyo ikwanire ya ulendo yonse. M'chitsanzo chathu ndi K17,000. Muuzeni poyera kuti akasintha tsiku nthawi ilipo, depoziti isamukira tsiku latsopanolo, koma mukafika pakhomo n'kumupeza palibe, siibwerera. Nenaninso kuti mudzadikira mphindi 30 zokha. Zimenezi zilembeni pa uthenga, osangonena pakamwa, kuti mawa pasakhale kukanirana. Kumbukirani kuti potapa ndalama kwa ejenti amadulako, choncho muiwerengeretu.

Chenjerani ndi mauthenga abodza. Pali anthu amene amalemba uthenga wofanana ndi wa kampani, wonena kuti mwalandira ndalama, kenaka n'kuimba kuti atumiza yochuluka mwangozi, mubweze ina. Musakhulupirire uthenga kapena chithunzi chimene munthu wakutumizirani. Onani nokha ndalama zimene zili mu akaunti yanu poimba *211# ngati ndi Airtel Money, kapena *444# ngati ndi Mpamba. Nambala yanu yachinsinsi musauze munthu, ngakhale wonena kuti akuimba kuchokera kukampani.

Depoziti ilinso ndi ntchito ina yoposa ya ndalama. Uthenga weniweni umaonetsa dzina la mwini nambala imene yatumiza. Ngati mumalankhula ndi mayi koma dzina labwera la bambo, funsani. Mwina ndi amuna ake, ndipo ayankha mosavuta. Munthu wa zolinga zoipa safuna kusiya dzina lake, ndiye kawirikawiri amakana depoziti, kapena amakukakamizani kuti mungobwera, adzalipira kawiri mukafika. Lonjezo lotere likhale chifukwa chokanira.

Musanalowe m'nyumba yachilendo

Makasitomala oyamba akhale anthu odziwika: a kutchalitchi kapena kumzikiti, a ku banki m'khonde, abale a anzanu, ndi amene atumizidwa ndi kasitomala wakale. Mukayamba kuika zithunzi za ntchito yanu pa WhatsApp kapena Facebook, adzayamba kuimba anthu osawadziwa. Apo ndi pofunika dongosolo losasintha, lochitira aliyense, kuti musamaweruze ndi kukoma kwa mawu.

Muimbireni, mumve mawu ake, osangolemberana. Funsani amene wamupatsa nambala yanu. Funsani dzina lonse, dera, ndi chizindikiro chapafupi chimene aliyense amachidziwa, monga sukulu, chigayo kapena tchalitchi. Funsani amene adzakhale pakhomo tsikulo, ndiponso ngati pali agalu. Mupempheni atumize chithunzi cha tsitsi lake mmene lilili ndi cha sitayilo imene akufuna. Zimakuthandizani kuyeza maola, komanso zimatsimikiza kuti mutu woti ulukidwe ulipodi. Ngati woimbayo ndi bambo amene akuti akukonzera mkazi wake kapena chibwenzi chake modzidzimutsa, nenani kuti simubwera musanalankhule ndi mwini mutu. Kuitanidwa kumalo ogona alendo ndi munthu mmodzi wosamudziwa, kanani. Operekeza ukwati amakonzekeradi kumalo otere, koma amakhala gulu, ndipo inu mupite ndi mnzanu.

Kwa kasitomala watsopano, ulendo woyamba ukhale wam'mawa, ndipo ngati n'kotheka mupite awiri. Mtsikana amene mukumuphunzitsa kuluka amakupatsirani meshi, ntchito n'kufulumira, komanso ndi mboni yanu. Thiransipoti yake muiike pamtengo.

Pakhomo panu pakhale munthu mmodzi wodziwa ulendo wanu wonse. Musiyireni zolemba: dzina la kasitomala, nambala yake, dera, chizindikiro, nthawi yofika ndi nthawi yomaliza. Ngati muli ndi foni ya intaneti, pa WhatsApp pali posankha Share live location, pamene mumasankha mphindi 15, ola limodzi kapena maola 8. Sankhani maola 8 n'kutumiza kwa munthuyo. Ngati foni yanu ndi yaing'ono, uthenga wamba ukwanira: umodzi pofika, wina pakati pa ntchito, wina ponyamuka. Mukafika, imbirani wakunyumba uja kasitomala akumva: "Ndafika bwino kwa amayi aja, ndimaliza cha m'ma 2 koloko." Sikunyoza eni nyumba, koma aliyense m'nyumbamo wadziwa kuti kuli wina akukuwerengerani nthawi.

Gwirizananinso mawu achinsinsi, ooneka ngati nkhani wamba yapakhomo, monga kufunsa ngati mwana wamwa mankhwala pomwe palibe mwana akudwala. Wakunyumba akamva mawu amenewo adziwe chochita: aimbe nthawi yomweyo ngati kwagwa zadzidzidzi kuti mupeze potulukira, ndipo mukapanda kuyankha atumize wakabaza wanu kapena adziwitse apolisi. Nambala ya polisi ya m'dera limene mumagwiramo ntchito ikhale m'mafoni a nonse awiri.

Mukafika pachizindikiro chija, kasitomala atuluke adzakutengeni yekha. Akatuma munthu wina amene sanamutchule, kapena akasintha malo muli kale m'njira n'kuti mupitirire kwina, imani pomwepo pagulu mpaka mumvetse. Mukalowa, sankhani pogwirira ntchito: pakhonde kapena pabalaza pafupi ndi khomo, ponena kuti mukufuna kuwala, zomwe n'zoona. Kuchipinda musalowe. Nsapato zanu zikhale poti mukuziona, foni ikhale pathupi panu osati patebulo, ndipo ndalama yobwererera ikhale payokha, yomanga pachitenje kapena m'thumba lamkati, kuti ngakhale mutasiya chikwama mukafike kwanu. Tengani madzi anu akumwa ndi kachakudya. Pakhomo pachilendo mukhoza kukana chakumwa mwaulemu ponena kuti mwangodya kumene.

Kukhala pabalaza kumakutetezaninso ku mlandu wina umene oyenda m'nyumba za anthu amaudziwa bwino: kunamiziridwa kuba. Foni kapena ndalama ikasowa, woyamba kuganiziridwa ndi mlendo. Musayendeyende m'nyumba, popita kuchimbudzi pemphani akulozereni, ndipo polongedza chitani eni ake akuona.

Nanga mukapeza kuti zinthu sizili mmene munamvera? Mayi amene munalankhula naye palibe, pali bambo yekha amene akuti, "Lowani, akubwera posachedwa." Musalowe. Nenani kuti mudikira panja pa geti kapena pagolosale yapafupi. Mwina muli kale mkati, ndipo wina wayamba kukhoma chitseko, kuledzera, kukugwiragwira kapena kulankhula zachipongwe. Simukufunika umboni wina, ndipo simukufunika kumaliza mutuwo. Nenani kuti mwaiwala chinthu kwa wakabaza, kapena kuti akukufunani kunyumba, n'kutuluka. Zipeso ndi jelo zimagulidwanso. Ambiri a ife tidaleredwa kuti tisakhumudwitse akuluakulu ndi eni khomo, ndipo ulemu umenewo ndi umene umachedwetsa mapazi pa nthawi yoti munthu athawe.

Zikachitika zoipa, mlandu si wanu. Lamulo loona za kusasiyana pakati pa amayi ndi abambo la mu 2013 limaletsa kuchitira munthu zachipongwe zokhudza kugonana, ndipo kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Wogwiriridwa athamangire kuchipatala asanasambe ngati n'kotheka, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo kufulumira n'kwabwino koposa. Kumeneko amaperekanso mankhwala oteteza mimba.

Pamsewu

Ngozi imene mungakumane nayo kawirikawiri si ya m'nyumba ya kasitomala, ndi ya panjinga yamoto. Pezani akabaza awiri kapena atatu a pasiteji yodziwika, amene anzawo amawadziwa mayina, musunge manambala awo. Wokuzolowerani amakupatsani mtengo wokhazikika, amabwera mukamuimbira, ndipo amadziwa geti limene anakusiyani. Valani chipewa chodzitetezera. Ngati wakabaza alibe chachiwiri, sungani ndalama mugule chanu, chifukwa mukwera njinga pafupifupi tsiku lililonse. Musalole kukwezedwa awiri kapena atatu kuti mtengo utsike. Pindani chitenje kapena diresi kuti lisalowe m'teyala, ndipo samalani mwendo ndi paipi yotulutsa utsi, imene imawotcha. Wakabaza akamanunkha mowa kapena akamathamanga mopitirira, tsikani.

M'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, misewu yafumbi ya m'mapiri a Ndirande, Bangwe ndi Soche imaterera, ndipo timitsinje timadzaza mwadzidzidzi. Onjezani nthawi ya ulendo, kutirani katundu m'pulasitiki, ndipo musawoloke madzi othamanga chifukwa choti kasitomala akudikira. Mu Juni ndi Julayi mdima umagwa 6 koloko isanakwane, choncho werengerani chobwerera m'mbuyo: ngati ulendo ndi ola limodzi ndi theka, 4 koloko ikupezeni mutanyamuka. Mukaona kuti ntchito siitha, ndi bwino kugwirizana zodzamaliza m'mawa kusiyana ndi kuyenda usiku ndi chikwama chodzaza komanso foni. Malipiro otsala alowe pafoni musanachoke, kuti musayende ndi ndalama zambiri m'thumba.

Naye kasitomala atetezedwe

Chipeso chimene chachoka pamutu wina chikhoza kunyamula chipere kapena nsabwe kupita nazo kunyumba ina, ndipo zodulira zikhadabo zikakhudza magazi zingathe kufalitsa matenda monga a chiwindi a mtundu wa B. Poti kwa eni simudzapeza mpata wotsuka bwino, khalani ndi matumba awiri, la zoyera ndi la zogwiritsidwa kale ntchito, ndipo ngati tsikulo muli ndi anthu awiri, tengani zipangizo za anthu awiri. Madzulo chotsani tsitsi m'zipeso, tsukani ndi sopo, kenaka viikani kwa mphindi 10 m'madzi a jiki. Ngati pabotolo palembedwa 3.5%, sakanizani kapu imodzi ya jiki ndi makapu 6 a madzi. Madzi amenewa akhale atsopano tsiku lililonse. Tsukuluzani ndi kuumitsa bwino, apo ayi zachitsulo zichita dzimbiri. Lezala ndi la munthu mmodzi, kenaka litayidwe. Mukapeza zilonda, mafinya kapena zigamba zothothoka tsitsi pamutu, musaluke; mulangizeni apite kuchipatala kaye.

Madzi otentha oviikamo nsonga za meshi ndi oopsa m'nyumba ya ana. Mwana wokwawa achotsedwe kaye, kasitomala afundidwe tawulo lochindikala m'mapewa, ndipo jagi ikhale m'manja mwanu mpaka madziwo atatayidwa.

Mawu kwa a pabanja

Inu abambo, amayi kapena achemwali amene mwasiyiridwa zolemba za ulendo, ntchito yanu si yaing'ono. Foni yanu ikhale yoyaka ndiponso ya mayunitsi tsiku lonse. Nthawi imene munagwirizana ikadutsa ndi mphindi 30 popanda uthenga, imbani. Akapanda kuyankha, imbirani kasitomala, kenaka wakabaza. Ndalama ya thiransipoti ya mawa musaibwereke kuti mugulire ndiwo, chifukwa popanda imeneyo ntchito ya mawa palibe. Ndipo tsiku limene adzabwere opanda ndalama, atasiya ntchito pakati chifukwa mtima unamuuza kuti achoke, musamufunse za K47,000. Mulandireni, mumupatse madzi akumwa, ndipo nambala ya kasitomala ameneyo muilembe m'kope kuti aliyense woluka m'dera lanu aidziwe.